Musanatumize lipoti la Excel, fufuzani zimene zili kuseri kwa nambala

Muli bwanji nonse? Pa sikirini pano pali lipoti lachitsanzo la gulu la alimi logula soya kuno ku Chipata. Kolamu B ndi matumba, kolamu D ndi ndalama, ndipo mtengo wa thumba uli m'kabokosi G1. Mtengowo unali K350, koma wakwezedwa kufika pa K380. Mizere ya nambala ikuyambira 2 mpaka 13, ndalama zonse zili mu D14. Pongoliona, lipotili lili bwinobwino. Choyamba sungani kope lina la fayiloyi, kuti mukaononga china mukhale ndi pobwerera.

Tsopano dinani Ctrl pamodzi ndi batani la ` limene lili pansi pa Esc. Mukhozanso kupita pa Formulas n'kusankha Show Formulas. Nambala zonse zowerengetsedwa zasanduka mafomula. Tsikani ndi maso mu kolamu D. Mzere uliwonse ukuyenera kufanana ndi unzake, motere:

```
=B6*$G$1
```

Koma taonani D7, mzere wa ku Katete. Mulibe fomula, mwangolembedwa 42000. Wina anachulukitsa matumba 120 ndi K350 pa foni, n'kulemba yankho pamanja. Tsiku limenelo nambalayo inali yolondola, n'chifukwa chake palibe anadandaula. Mtengo utasintha mu G1, mizere ina yonse inasintha, uwu wokha unatsalira. Zoona zake ndi K45,600, ndiye kuti K3,600 yasowa mwakachetechete.

Mizere ikakhala mazanamazana, maso amatopa. Sankhani kolamu D yonse, dinani F5, kenako Special, Constants, ndipo musiye chizindikiro pa Numbers pokha. Excel ikusankhirani timabokosi tonse tolembedwa pamanja; tipakeni utoto wachikasu nthawi yomweyo. Koma samalani, njirayi sigwira kabokosi kotere:

```
=B7*350
```

Kwa Excel imeneyi ndi fomula, ngakhale mtengo wakale wakhomereredwa m'katimo. Iyi mungaipeze poona mafomula ndi maso, kapena pofufuza 350 ndi Ctrl+F, Look in ili pa Formulas.

Tiyeni kumanzere, pa nambala za mizere. Werengani nane: 8, 9, 11. Nanga 10 ali kuti? Wabisidwa. Sankhani mzere 9 mpaka 11, dinani batani lakumanja la mausi, kenako Unhide. Apo watuluka: matumba 40 a ku Chadiza amene anabwezedwa chifukwa soya sanaume bwino. Amene anaubisa ankaganiza kuti wauchotsa pa chiwerengero. Koma SUM imaphatikiza mizere yobisika yomwe, choncho K15,200 ya katundu wosagulidwa ili m'kati mwa D14. Ife timaona kuti njira yabwino ndi kusamutsira mzere wotere pa tsamba lakelake la zobwezedwa, kuti woŵerenga aziona. Ngati uyenera kukhala wobisika, fomula ya `=SUBTOTAL(109,D2:D13)` m'malo mwa SUM ndi imene imasiya mizere yobisika. Nambala za mizere zikaoneka zabuluu, dziwani kuti yabisa ndi Filter. Pitani pa Data, Clear.

Kenako dinani kawiri pa D14 kuti muone malire a fomula.

```
=SUM(D2:D12)
```

Yaima pa 12, pomwe mizere yafika pa 13. Mzere wa ku Lundazi unawonjezedwa pambuyo pake, pansi penipeni, ndipo fomula sinatambasuke. Matumba 25, K9,500, ali kunja. Sinthani D12 ikhale D13.

Onani tsopano chimene chinabisa zonsezi. K15,200 inawonjezeka, K3,600 ndi K9,500 zinachepa, ndiye D14 inangosiyana ndi zoona ndi K2,100 basi. Woyang'ana nambala ya pansi yokha sakanakayikira kalikonse, koma alimi a ku Katete akanalandira ndalama zoperewera.

Dinaninso Ctrl ndi batani lija la pansi pa Esc kuti nambala zionekenso m'malo mwa mafomula. Mafomula osweka ooneka savuta. F5, Special, Formulas, chizindikiro pa Errors pokha. `#REF!` ikutanthauza kuti kabokosi kamene fomula inkawerenga kanafufutidwa. Musalembepo nambala pamwamba pofuna kubisa vutolo, lozani fomulayo pamalo oyenera. Ovuta ndi matumba olembedwa ngati mawu: nambala yatsamira kumanzere, pakona pali kachizindikiro kobiriwira, ndipo SUM imangoidumpha. Dinani chenjezo la pambali pake, musankhe Convert to Number.

Mukakonza zonse, werengerani ndalama m'njira ina, m'kabokosi kopanda kanthu. Ife mzere wa ku Chadiza tangouika matumba 0, kuti mizere isasunthe.

```
=SUM(B2:B13)*G1-D14
```

Yankho likhale 0. Likapanda kutero, onani pa Formulas, Calculation Options, kuti pasankhidwa Automatic osati Manual, dinani F9, ndipo mubwererenso ku kolamu D mzere ndi mzere.