Kalata yopempha kuti mwana aweruke msanga chifukwa cha kuchipatala

Muli bwanji nonse makolo anzanga? M'kabuku ka kuchipatala ka mwana wanu adokotala alembamo tsiku loti mubwerenso, ndipo tsikulo ndi la sukulu. Simukufuna kuti mwanayo ajombe tsiku lonse, mukufuna alowe m'kalasi m'mawa kenako mukamutenge. Tiyeni tilembere limodzi kakalata kopita kwa aphunzitsi ake.

Tiyerekeze kuti mwanayo ndi Chisomo Phiri wa Sitandade 4B, ndipo akufunika kuchipatala nthawi ya 11 koloko m'mawa Lachinayi pa 12 Juni. Musanagwire cholembera, werengerani nthawi chobwerera m'mbuyo. Ngati kuchoka pasukulu kukafika kuchipatala pa kabaza ndi mphindi 40, onjezerani zina 20 zoti mwana alongedze makope, mupereke moni ku ofesi, mukapeze malo pamzere. Ndiye kuti mukamutenga 10 koloko. Imeneyi ndiyo nthawi yolemba m'kalata. Makolo ambiri amalemba nthawi ya kuchipatala, aphunzitsi n'kuganiza kuti mwana achoka 11 koloko, ndipo kholo likafika limapeza mwana ali pakati pa ntchito.

Kalatayo nayi.

“Okondedwa Aphunzitsi, ndikupempha kuti mulole mwana wanga Chisomo Phiri wa Sitandade 4B aweruke nthawi ya 10 koloko m'mawa Lachinayi pa 12 Juni, chifukwa akuyenera kukaonana ndi adokotala. Ndidzabwera kudzamutenga ndine mayi ake. Tsiku limenelo sabwereranso m'kalasi, adzabwera Lachisanu. Ngati padzakhale ntchito yolembera kunyumba, chonde mudzatiuze. Zikomo kwambiri.”

Pansi pake lembani dzina lanu, nambala ya foni, tsiku lomwe mwalemba kalatayo, ndipo musayine.

Onani kuti sindinalembe kuti “mawa”. Kalata imatha kugona m'chikwama cha mwana masiku awiri, ndipo ikafika m'manja mwa aphunzitsi, “mawa” uja sakudziwikanso kuti ndi liti. Dzina la mwana ndalemba lonse pamodzi ndi kalasi yake, poti m'masukulu athu ambiri a boma kalasi imodzi imakhala ndi ana ochuluka zedi, ndipo a Chisomo akhoza kukhalamo atatu.

Mzere umene ine ndimauona kuti ndi wolemera kuposa yonse ndi wonena amene adzamutenge mwana. Mphunzitsi akatulutsa mwana nthawi ya sukulu, mtima wake sukhala pansi mpaka atadziwa kuti mwanayo ali m'manja mwa ndani. Ngati simupita nokha, tchulani dzina la amene mwamutumayo ndi ubale wake, kaya ndi azakhali, amalume kapena agogo. Zikasintha m'mawa wa tsikulo, imbani foni musanatume wina. Munthu wachilendo akafika n'kunena kuti watumidwa, aphunzitsi akakana kupereka mwana musawakwiyire, akuteteza mwana wanu yemweyo. Ndipo ngati mwana ndi wamkulu woti adzayenda yekha kukakumana nanu, nenani zimenezo momveka m'kalatamo.

Tsopano nkhani ya matenda. Ambirife timaganiza kuti tikapanda kufotokoza zonse, aphunzitsi aona ngati tikunama. Mawu oti “akukaonana ndi adokotala” ndi okwanira. Kumbukirani njira imene kapepalaka kamayenda: kali m'kope, kope lili pa desiki, anzake akulitsegula. Mwana amene amakatenga mankhwala a ma ARV kapena a khunyu akhoza kusekedwa chaka chonse chifukwa cha mzere umodzi umene munalemba ndi mtima wabwino. Ngati pali vuto loti aphunzitsi adziwe kuti azitha kumuthandiza m'kalasi, monga mphumu kapena kukomoka, pitani mukakambirane nawo pamaso. Kabuku ka kuchipatalanso musamupatse mwana kuti akaonetse ngati umboni, chifukwa muli mbiri yonse ya thanzi lake. Kasungeni inuyo, ndipo sukulu ikafuna umboni mukaonetse nokha tsamba lomwe pali tsikulo.

Kalata ipite kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, makamaka ngati ili sabata ya mayeso, kuti aphunzitsi aone chochita. Mwana wa Sitandade 1 kapena 2 musamudalire kuti akapereka, ndi bwino kukaisiya nokha. Mukatumiza pa WhatsApp, mawu ake ndi omwewa, koma tumizani kwa aphunzitsi okha, osati pa gulu la makolo, ndipo akapanda kuyankha pofika madzulo a Lachitatu aimbireni, mwina alibe bando kapena foni yathima.

Tsikulo likafika, yambirani ku ofesi ya aphunzitsi aakulu musanapite pakhomo la kalasi. Masukulu ena ali ndi buku loti musayinemo potenga mwana, choncho funsani ngati liripo.