Makalata a Omvera: Kubwereza Mawu Polakatula Ndakatulo

"Zikomo akuluakulu a pulogalamu. Ine ndine mtsikana wa Fomu 3, ndimakhala ku Zolozolo. Ndinalakatula ndakatulo ya mizere 12, mzere uliwonse woyamba ndi 'Amayi anga'. Ndisanafike n'pakati pomwe, anzanga anayamba kucheza. Kodi kubwereza mawu n'kolakwika?"

Ayi mwanawe, sikolakwika, ndipo usasiye. Mawu obwerezedwa ali ngati kuwomba m'manja pagule: manja sasintha, koma wovina ndiye ayenera kusintha mapazi. Ndawerenga ndakatulo yomwe watumiza. Walemba kuti amayi ndi abwino, amayi ndi achikondi, amayi ndi achifundo. Zonsezi n'chinthu chimodzi, ndiye omvera atamva mzere wachiwiri anadziwiratu yotsalayo.

Tamvera ndiikonze pang'ono:

Amayi anga amadzuka nkhungu isanachoke ku Zolozolo,
Amayi anga amasenza nthochi mpaka kumsika,
Amayi anga amagona ndi njala kuti ine ndidye,
Ndipo sananeneko.

Mzere woyamba ndi wopepuka, kudzuka chabe. Wachiwiri wawasenzetsa katundu. Wachitatu ukupweteka. Apa khutu lazolowera, likudikira "Amayi anga" wachinayi, ndiye iwe ulimane. Khala chete kanthawi kopumira kamodzi, kenaka unene mzere waufupiwo. Mphamvu yonse yomwe unasonkhanitsa imagwera pamenepo, ndipo kwa ine malo amenewa ndi ofunika kuposa mizere yobwerezayo.

Pali njira yodziyesera kunyumba. Lemba mzere uliwonse pakapepala kakekake, usakanize, uwerenge mmene tagwera timapepalato. Ndakatulo ikamvekabe chimodzimodzi, dziwa kuti sikukwera, ikungozungulira. Mu yathuyi, ukaika njala poyamba, kudzuka m'mawa kumveka kozizira. Mizere yako 12 ija uigawe m'magulu a itatuitatu, gulu lililonse ulitseke ndi mzere wosabwereza, ndipo yonena zofanana uichotse osaimvera chisoni.

Kalata ina yachokera kwa bambo wina wa ku Katoto: "Ndikamabwereza mawu ndimakweza liwu mzere uliwonse, koma pofika kumapeto mpweya umandithera, liwu n'kusasa."

Bambo, mukuyambira pamwamba kwambiri. Mzere woyamba muunene ngati mukulankhula ndi munthu amene mwakhala naye pampando umodzi, kuti mukhale ndi kokwerera. Mpweya muzikoka musananene mawu obwerezedwawo, osati pakati pa mzere, chifukwa omvera amayembekezera kale kupuma pamenepo. Komanso liwiro silichokera kukhosi kokha. Mizere izifupika pamene mukuyandikira pachimake: woyamba wa mawu asanu ndi awiri, wotsatira asanu, womaliza atatu. Mukatero ndakatulo imathamanga yokha, inu osakuwa. Ngati pali maikolofoni, pamzere wokwera kwambiri muitalikitse pang'ono pakamwa kuti mawu asaphwanyike m'masipika.