Kalembedwe ka ndime ya zotsatira za rigresheni: koefishenti, malire ake ndi kukwanira kwa modelo

(Wolankhula ali patebulo, laputopu ili yotsegula, pambali pali lipoti losindikizidwa.)

Muli bwanji nonse amene mukuonera? Ndikulankhula kuchokera kuno ku Zomba, kufupi ndi Chirunga, kumene nyengo ino ophunzira ali kalikiliki ndi malipoti a kafukufuku. Taonani tsamba ili. Mwini wake wandilola kuti ndikuonetseni, dzina ndaphimba. Wamata tebulo lonse la SPSS monga linatulukira, ndipo pansi pake walemba mzere umodzi wokha wakuti feteleza ndi wofunika chifukwa p ndi .000. Asupavaiza ake azunguliza mzerewo ndi cholembera chofiira n'kulemba funso limodzi m'mbali: wofunika bwanji, zochuluka motani? Funso limeneli ndi limene ndime ya zotsatira iyenera kuyankha, ndipo p payekha sangaliyankhe.

Tigwiritse ntchito chitsanzo. Manambala onse amene muone ndawakonza ndekha kuti tiphunzirire, si a kafukufuku weniweni. Tiyerekeze kuti tayendera minda 120 ya chimanga cha ku Thondwe ndi ku Jali. Pamunda uliwonse talemba makilogalamu a chimanga amene anakolola pa ekala, makilogalamu a feteleza amene anathira pa ekala, masiku amene anachedwa kubzala mvula yobzalira itagwa, komanso ngati anathira manyowa kapena ayi. Mu R tingalembe chonchi:

```r
m <- lm(zokolola ~ feteleza + kuchedwa + manyowa, data = minda)
summary(m)
confint(m)
```

Mzere wachitatuwo musaudumphe, chifukwa `summary` satulutsa malire. Amene muli pa Stata, `regress` amakupatsani yekha. Pa SPSS muyenera kulowa pa `Statistics` n'kuchonga `Confidence intervals`.

(Pasikirini pakuoneka mzere wa feteleza.)

Koefishenti ya feteleza yatuluka 6.2. Nambala imeneyi ili ndi muyezo wake, ndipo mukaisiya yopanda muyezo owerenga sangadziwe ngati ndi yaikulu kapena yaing'ono. Ikutanthauza kuti minda iwiri ikasiyana ndi kilogalamu imodzi ya feteleza pa ekala, koma inabzalidwa nthawi yofanana ndipo nkhani ya manyowa ndi yofanana, zokolola zake zimasiyana ndi makilogalamu pafupifupi 6.2 pa ekala. Koma ndani amathira kilogalamu imodzi? Mlimi amawerenga matumba. Thumba la feteleza ndi makilogalamu 50, ndiye chulukitsani 6.2 ndi 50, mupeza 310. Amenewo ndi matumba asanu ndi limodzi a chimanga ndi kena pamwamba. Apa ndiye ngakhale mlangizi wa zaulimi angagwedeze mutu kuti wamva.

Tsopano konfidensi intavo, imene ine ndizingoitchula kuti malire. Minda 120 si minda yonse ya m'boma la Zomba. Tikadasankha ina, 6.2 ikadasuntha. Pa tebulo la R, pafupi ndi koefishenti pali `Std. Error`, pano ndi 1.1. Kwa minda yochuluka chonchi timachulukitsa ndi 1.98, tipeza pafupifupi 2.2, kenako tichotsera ndi kuwonjezera pa 6.2. Malire a 95 peresenti akhala kuyambira 4.0 mpaka 8.4. M'chilankhulo cha matumba, kuyambira makilogalamu 200 mpaka 420. Tanthauzo la 95 peresentiyo ndi lakuti tikadabwereza kafukufukuyu kambirimbiri, malire 95 mwa 100 alionse owerengedwa m'njira imeneyi akadagwira nambala yeniyeni. Kwa feteleza nkhani ndi yabwino, pakuti ngakhale mutatenga malire apansi, matumba anayi ndi chakudya chenicheni pakhomo.

Pamene ndikufuna tikhalitse ndi pa manyowa, chifukwa ndi pamene ambiri timapunthwa. Koefishenti ndi 85, `Std. Error` ndi 70, malire akuyambira pa -54 kufika pa 224, ndipo p ndi 0.23. Wophunzira akaona p woposa 0.05 amathamangira kulemba kuti manyowa alibe phindu. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa mawu otere akhoza kutuluka m'lipoti n'kukafika kwa munthu amene amalangiza alimi. Taonani malirewo bwinobwino. Akuti mwina minda ya manyowa imakolola thumba limodzi locheperapo, mwina palibe kusiyana, mwinanso imaposa inzake ndi matumba anayi ndi theka. Zonsezi zikugwirizana ndi zimene tasonkhanitsa. Ndiye choona n'chakuti minda 120 sinakwane kutiuza mbali imene manyowa akukokera. Kusapeza umboni wokwanira ndi nkhani ina, kupeza kuti chinthu sichigwira ntchito ndi nkhani inanso. Mukadapeza malire opapatiza, monga -10 mpaka 12, pamenepo mukadatha kunena kuti kusiyana kulikonse kumene kulipo n'kochepa kwambiri.

Za kukwanira kwa modelo ndinena mwachidule. Pansi pa `summary` pali `Multiple R-squared` 0.27 ndi `Adjusted R-squared` 0.25. Zinthu zitatu zathuzi zikufotokoza magawo 27 pa 100 a kusiyana kwa zokolola pakati pa minda. Musachite nazo manyazi. Dothi, mbewu, mbozi, kupalira, zonsezi sitinaziyeze. Lembaninso `Residual standard error`, pano 380, chifukwa ili m'makilogalamu: modelo ikalosera zokolola za munda umodzi, imaphonya ndi pafupifupi makilogalamu 380 pa ekala. Ndiye kuti ndi yothandiza poona momwe zinthu zikuyendera pa minda yambiri, koma simungaitenge kukauza mayi wa ku Jali matumba amene akolole.

(Ndime yonse ikuoneka pasikirini, wolankhula akuwerenga.)

"Tinagwiritsa ntchito rigresheni pa minda 120 kuti tione mgwirizano wa zokolola za chimanga pa ekala ndi feteleza, kuchedwa kubzala ndi manyowa. Poganizira zinthu zinazo, kilogalamu iliyonse yowonjezera ya feteleza inayendera limodzi ndi makilogalamu 6.2 owonjezera a chimanga (malire a 95%: 4.0 mpaka 8.4, p < 0.001), kutanthauza makilogalamu pafupifupi 310 pa thumba la makilogalamu 50. Tsiku lililonse lochedwa kubzala linayendera limodzi ndi kutsika kwa makilogalamu 9.5 (malire: 3.6 mpaka 15.4; p = 0.002). Minda ya manyowa inaposa inayo ndi makilogalamu 85, koma malire ndi otakasuka ndipo akudutsa pa ziro (-54 mpaka 224; p = 0.23). Modelo inafotokoza 27% ya kusiyana kwa zokolola (R² = 0.27; R² yokonzedwa = 0.25; F(3, 116) = 14.3, p < 0.001)."

Ndikudziwa kuti ambiri mulemba lipoti lanu m'Chingerezi, koma ndondomeko yake ndi yomweyi. Mwaona kuti ndalemba p < 0.001, osati .000. SPSS inangodula nambalayo pa malo atatu, p sakhala ziro.

Mwaonanso kuti ndati "inayendera limodzi", sindinati feteleza anachititsa. Sitinagawe feteleza mwamaere. Alimi anathira okha monga mwa thumba lawo, ndipo amene anakwanitsa matumba awiri mwina ndi omwenso anagula mbewu yabwino ndi kulemba aganyu opalira. Gawo lina la 6.2 likhoza kukhala la zimenezo. Komanso ngati m'minda yathu wothira kwambiri anafika makilogalamu 100 pa ekala, lembani zimenezo m'ndime yomweyo, kuti wina asadzachulukitse 6.2 ndi matumba asanu n'kumayembekezera nkhokwe imene palibe munda wathu ngakhale umodzi unaionetsa.