Ahedi anandilembera kalata ya umboni, ndiwathokoze bwanji?

"Zikomo aulutsi. Ndine mtsikana wa zaka 24, ndimakhala ku Mchinji. Mwezi watha ndinafunsira ntchito ya ukalaliki ku bungwe lina ku Lilongwe, ndipo ahedi a kusekondale komwe ndinaphunzira anandilembera kalata yondichitira umboni. Zotsatira sizinatuluke. Amayi akuti ndiwatumizire K20,000 pafoni, amalume akuti ndidikire kaye ntchitoyo ipezeke. Ine ndangokhala chete masabata atatu tsopano, ndipo manyazi andigwira. Nditani?"

Zikomo achemwali a ku Mchinji potilembera. Ndalamazo zisungeni kaye, koma musadikirenso zotsatira ayi. Pulogalamu ino ikangotha, tengani foni muwalembere ahediwo. Amayi ndi amalume onse akukufunirani zabwino, koma pa nkhani iyi ine ndasiyana nawo onse awiri, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe ndi maganizo a amalume. Ahedi aja ntchito yawo anaimaliza tsiku lomwe anasaina kalata ija n'kudindapo chidindo cha sukulu. Taganizirani zomwe anachita. Inu munalemba mayeso a MSCE zaka zingapo zapitazo, ndipo kuchokera nthawi imeneyo padutsa ana mazanamazana. Anayenera kukhala pansi, kukumbukira kuti mtsikana ameneyu anali wotani, mwina kufunsa aphunzitsi ena, mwinanso kutsegula mabuku akale mu ofesi kuti asalakwitse chaka. Kenaka anaika dzina lawo pansi pa mawu akuti mwana uyu ndi wokhulupirika. Zonsezi zinachitika kale, kaya ntchito muipeza kaya simuipeza. Mukadikira zotsatira, ndiye kuti mukuwauza kuti kalata yawo ndi yofunika pokhapokha itabala ntchito. Nanga mukapanda kutengedwa, simudzathokoza konse? Ambiri amathera pamenepo. Manyazi a masabata atatu amasanduka a chaka, mapeto ake munthu akawaona ahedi pamsika amakhotera njira ina.

Palinso chifukwa china chomwe achinyamata ambiri sachidziwa. Mabungwe ambiri sakhutira ndi kalata yokha. Akakusankhani pambuyo pa intaviyu, amaimbira foni kapena kulembera imelo munthu amene anakuchitirani umboni. Ahedi akalandira foni ya nambala yachilendo ali pakati pa msonkhano wa makolo, n'kumva dzina lanu mwadzidzidzi, akhoza kuyamba ndi kufunsa kuti, "Mwati ndani?" Kafunso kameneko kokha kakhoza kukuonongerani. Choncho uthenga wanu wothokoza uwakumbutsenso dzina la ntchito, dzina la bungwe, ndi kuti mwina aimbiridwa.

Uthengawo usatalike. Ndikuwerengereni momwe ine ndingaulembere ndikanakhala inu:

"Ahedi, ndine mwana wanu uja munandilembera kalata ya umboni mwezi watha. Pepani kuti ndachedwa kukuthokozani. Kalata ija ndinaipereka pa nthawi yake pamodzi ndi zikalata zina. Mawu munalemba aja, akuti ndinkasunga bwino ndalama za kalabu ya zisudzo, anandikhudza kwambiri chifukwa sindinkadziwa kuti mumakumbukira. Zotsatira sizinatuluke, koma mwina a bungweli akuimbirani foni pa za ntchito ya ukalaliki. Zikatuluka, zabwino kaya zoipa, ndidzakudziwitsani. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni."

Za kalabu ya zisudzozo ndangopeka ine, inu muikepo chenicheni chomwe chili m'kalata yanu. Chiganizo chimenecho ndiye mtima wa uthenga wonse, chifukwa chimaonetsa kuti munawerenga ndipo munaona pomwe anakhetsera thukuta. Ngati kalatayo anaitumiza okha kapena anaimata mu envulopu inu osaiona, tchulani china chomwe munaona ndi maso, monga kuti anakulandirani mu ofesi pa tsiku lomwe anali otanganidwa ndi mayeso. Kupepesa kukhale kamodzi kokha. Musayambe kulongosola za maliro, mayunitsi ndi netiweki ya kumudzi, chifukwa uthenga wothokoza umasanduka mlandu wodziteteza. Ndipo musapemphemo china chilichonse. Uthenga woyamba ndi zikomo n'kuthera pa "mundithandizenso pa china", munthu wamkulu amauzindikira msanga.

Meseji kapena WhatsApp ndi yokwanira lero chifukwa cha changu, koma ilembedwe m'mawu athunthu, osati zidule ndi tizithunzi ta manja opemphera basi. Popeza muli boma limodzi ndi ahediwo, tsiku lina mupite mukaonekere nkhope. Kwathu kuno zikomo wapamaso amalemera kuposa wapafoni.

Tsopano za K20,000 ya amayi ija. Ndikumvetsa, kwathu sitipita kwa wamkulu chimanjamanja, ndipo timati kupatsa n'kuika. Koma ahedi a sukulu ya boma ndi wogwira ntchito m'boma, ndipo kalata ija anailemba pa udindo wawo. Lamulo lothana ndi katangale la 1995, lomwe linabweretsa bungwe la ACB, limaletsa wogwira ntchito m'boma kulandira kanthu ngati chokopa kapena mphotho pa zomwe wachita pa udindo wake. Inu mtima wanu ndi woyera, koma ndalama ikalowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba imasiya dzina lanu, tsiku ndi kuchuluka kwake, ndipo ikulowa pomwe bungwe la ku Lilongwe lija lisanawaimbire n'komwe. Wina ataona, anena kuti umboniwo unagulidwa. Ahedi aulemu wawo akhoza kukubwezerani ndalamayo, ndipo nonse awiri mudzachita manyazi. Ena akhoza kulandira mokakamizika, koma mumtima n'kumva kuti dzina lawo mwaliikira mtengo.

Zimasiyana ngati anaononga ndalama zawo chifukwa cha inu. Ngati anakasindikiza kalatayo pa tauni chifukwa kusukulu kunalibe magetsi, kapena analipira kuti aijambule n'kuitumiza pa imelo, imeneyo ndi ngongole, ibwezeni. Nenani mosabisa kuti, "Ahedi, iyi ndi ya mapepala ndi thiransipoti yomwe munagwiritsa ntchito," ndipo ikhale yofanana ndi zomwe zinaonongekadi. Akakana, musaumirire.

Nanga mubweza bwanji? Choyamba, sungani lonjezo la m'uthenga muja. Zotsatira zikatuluka, ahedi amve kwa inu, asamve kwa anthu a kutchalitchi. Aphunzitsi ambiri amene ndacheza nawo amadandaula chinthu chimodzi, chakuti amalemba makalata chaka ndi chaka koma samva komwe anawo anathera. Mukalephera, auzeninso, ndipo mufunse ngati angalole kuti dzina lawo likhalebe pa CV yanu. Musamangolemba nambala yawo paliponse pomwe mwafunsira ntchito iwo osadziwa. Ulendo uliwonse muziwadziwitsa, ngakhale ndi mizere iwiri yokha.

Mukaipeza ntchitoyo, dziwani kuti mwalowa ndi dzina la anthu awiri. Mukamachedwa, mukasowetsa ndalama, kapena mukathawa patangotha mwezi osatsanzika, bungwe lija silidzakhulupiriranso kalata yochokera kwa ahedi amenewo, ndipo wovutika adzakhala mwana wina wa kusukulu kwanu amene adzabwere pambuyo panu. Mukaona kuti ntchitoyo simukhalitsa, chokani mwadongosolo ndipo ahedi muwauze chifukwa chake.

Malipiro akayamba kubwera ndipo mtima ukufunabe kupereka kanthu, lozani kusukulu. Funsani ahedi chomwe chikusowa. Mwina ndi mabuku a Fomu 4, mwina bokosi la choko, mwina mwana wina wasowa ndalama ya mayeso. Kapena pemphani Lachisanu lina masana mukalankhule ndi atsikana za momwe munalembera kalata yofunsira ntchito ndi zomwe anakufunsani pa intaviyu. Mphatso yotere ahedi amailandira poyera, pamaso pa aphunzitsi onse, popanda wowanong'oneza. Amayi akafunabe kuti mtima wawo ukhale pansi, adzapite okha nthawi yokolola ndi kambale ka mtedza monga kholo lothokoza mphunzitsi wa mwana wake, nkhani ya ntchito itatha kale.

Tipite ku kalata yachiwiri, yochokera kwa bambo wina wa ku Mzuzu.

"Aulutsi, abwana anga akale anandichitira umboni ndipo ndinapeza ntchito yabwino ya udalaivala. Tsopano andipempha kuti ndikamunenerere mphwawo kwa abwana anga atsopano, ndinene kuti ndimamudziwa bwino pa chiwongolero. Mnyamatayo ndinangomuona kamodzi pa ukwati. Ndikakana, kodi si kusayamika?"

Achimwene, funso lanu ndi lolemera, ndipo ndikumva kuti mtima wanu uli pawiri. Koma taonani kusiyana kwake. Abwana aja ananena za inu zomwe anaziona okha kwa zaka, momwe mumasamalira galimoto ndi momwe mumasungira nthawi. Inu akukupemphani kunena zomwe simunaone. Pa ntchito ya udalaivala bodza lotere likhoza kuthera pa ngozi ya pamsewu, ndipo tsiku limenelo abwana atsopano adzaitana inu poyamba.

Musakane mowuma, ndipo musakane pa meseji. Pitani kapena imbani foni, muyambe ndi kuthokoza pa zomwe anakuchitirani, kenaka munene kuti, "Bwana, mnyamatayu ndikufuna kumuthandiza, koma ndimudziwe kaye." Mukatero chitanidi. Muitaneni, muone laisensi yake ngati ili ya gulu loyenera galimoto za kuntchito kwanu komanso ngati sinathe masiku. Loweruka lina apeze galimoto, mukhale pambali pake, muyende naye mpaka ku Ekwendeni ndi kubwerera, muone momwe amapitirira galimoto zina, momwe amachitira pa malo odutsa anthu, ndi ngati amagwira foni akuyendetsa. Mufunseni komwe anagwirako ntchito, ndipo mumulangize kuti akapemphe kalata kumeneko, chifukwa umboni wa amene anamulembapo ntchito ndi umene umamveka.

Pambuyo pake kwa abwana atsopano mukanene zokhazo zomwe mukudziwa: kuti ndi mphwake wa munthu amene mumamulemekeza, kuti mwayenda naye ulendo umodzi, ndi zomwe munaona pa ulendowo. Mukapeza kuti mnyamatayo sanakhwime, abwana akalewo muwauze pambali mwaulemu, ndipo mudzipereke kumuphunzitsa masiku angapo kapena kumudziwitsa malo akadzapezeka iye atakonzeka. Akhoza kukhumudwa sabata imodzi kapena awiri. Mukatero mudzatilemberenso, achimwene, tidzamve momwe ulendo wa ku Ekwendeni unayendera.