Mwana wabadwa ndi mapazi opindika: chikhakha, kenako nsapato

Zikomo omvera, mwaswera bwanji kunyumbako. Lero ndikuyankha uthenga wa agogo ena amene anatiimbira sabata yatha. Akuti mdzukulu wawo wabadwa masiku khumi apitawo, mapazi onse awiri anapindikira mkati, kunsi kwa mapazi kukuyang'anizana ngati akufuna kuomba m'manja. Akuti akhala akumuthowa ndi madzi ofunda m'mawa uliwonse koma palibe chikusintha. Agogo, ngati mukumvera, kuthowako siyani kaye, mumvetsere.

Choyamba gwirani kaphaziko. Muli ana ena amene amabadwa phazi litakhota chifukwa cha mmene anakhalira m'mimba, koma mukaligwira ndi lofewa, mukalikankha pang'ono limawongoka mpaka kuloza kumwamba. Limeneli nthawi zambiri limawongoka lokha. Koma phazi limene tikunena lero ndi lolimba. Zala zaloza pansi ndi mkati, chidendene ndi chaching'ono ndipo chakwera m'mwamba, kumbuyo kwake kuli mzere wozama wa khungu. Mukayesa kuliwongola limakana, mukalisiya limabwerera pomwepo. Mukaona zimenezi musadikire tsiku la sikelo, pitani kuchipatala cha boma cha m'dera lanu mukafunse a mafupa. Ku Blantyre kulinso chipatala cha Beit CURE chimene chimaona ana a vuto limeneli.

Si ufiti, si tsempho, ndipo si poliyo. Mayi sanadye cholakwika, bambo sanayende molakwika. Mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 1,000 amabadwa chonchi, anyamata ndiwo amachuluka, ndipo pafupifupi theka la anawa amakhala mapazi onse awiri. Ndanena izi chifukwa ndaonapo mayi akufunditsa khanda chitenje mpaka kumapazi dzuwa likuswa mtengo, kuopa apongozi.

Njira imene timagwiritsa ntchito imatchedwa ya Ponseti, dzina la dokotala Ignacio Ponseti amene anaiyambitsa ku Iowa, m'dziko la America. Nzeru yake ndi yakuti mafupa a phazi la khanda akadali anthete, mitsempha yake imatamuka. Ndiye sitithyola kanthu. Wachipatala amagwira kaphaziko, chala chachikulu cha dzanja lake amachiika pa kafupa kena kunja kwa kakolo, n'kumalipotolera kunja pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Pamene phazi lavomera kufika, amakulunga thonje n'kuika chikhakha, kuti likhale pamenepo sabata yonse.

Chikhakhacho chimayambira ku zala mpaka kumtunda kwa ntchafu, bondo litapindidwa. Amayi ambiri amandifunsa kuti adokotala, vuto lili kuphazi, nanga ntchafu yalakwanji? Mwendo wa khanda ndi wonenepa, woterera. Chikhakha chachifupi chimavuka ngati sokosi, komanso sichingaletse phazi kuzungulira kubwerera mkati. Bondo lopindidwalo ndilo loko wake.

Sabata ikatha mumabweranso, timachotsa, timawongola pang'ono kuposa paja, timaika china. Kawirikawiri zimakwana zikhakha zisanu mpaka zisanu ndi zitatu. Chikhakha choyamba chikhoza kukudabwitsani, chifukwa phazi limaoneka ngati lapindika kwambiri kuposa mmene munabwera nalo. N'dala zimenezo, timayamba ndi kukweza kutsogolo kwa phazi kuti lifanane ndi chidendene. Ndipo musavule chikhakha kunyumba usiku woti mawa mukubwera. Maola amenewo phazi limayamba kale kubwerera.

Tsopano ntchito yanu kunyumba. Zala zonse zisanu ziyenera kuoneka kunja kwa chikhakha. Tsiku loyamba muziziyang'ana pafupipafupi, kenako kangapo patsiku. Tsinani kachala pang'ono, kayera, mukasiya kabwerere mtundu wake msangamsanga. Zikhale zofunda. Zikazizira, zikatupa, zikada kapena kutuwa, kapena mwana akulira osatonthola ngakhale mwamuyamwitsa, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku. Chimodzimodzi mukaona kuti zala zalowa mkati, dzulo zimaoneka lero zabisala. Ndiye kuti chikhakha chatsetsereka, ndipo chikakhala choncho chimafinya phazi n'kulipinda moipa. Fungo loipa kapena madzi otuluka mkati, nazonso musagone nazo.

Chikhakha chisanyowe. Mwana mumupukute ndi kansalu konyowa, osamuviika m'beseni. Thewera likhale kumtunda kwa chikhakha, ndipo muzisintha msanga kuti mkodzo usalowe mkati. Musalowetsemo kamtengo, ufa kapena mankhwala azitsamba. Kuyamwitsa ndi katemera zipitirire monga mwa nthawi zonse.

Kumapeto kumatsala chinthu chimodzi chimene chikhakha chimalephera mwa ana ambiri: mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene umakhala waufupi, phazi silikwera m'mwamba. Pamenepo timabaya mankhwala ochititsa dzanzi, n'kuudula mtsemphawo pa kabala kakang'ono koti nthawi zambiri sitisoka n'komwe. Mawu akuti kudula amaopsa, ndikudziwa, abambo ena amanyamuka pabenchi. Koma mwa khanda mtsempha umenewu umalumikizananso wokha utatalika. Chikhakha chomaliza chimakhala masabata atatu kudikira zimenezo.

Apa ndi pamene ndikufuna mukweze wailesi. Chikhakha chomaliza chikachoka, phazi limaoneka lowongoka bwinobwino, koma silinachire. Likasiyidwa limabwerera. Mwana amapatsidwa tinsapato tiwiri tolumikizidwa ndi kachitsulo, kotalika ngati mapewa ake, mapazi ataloza kunja. Miyezi itatu yoyamba amavala usana ndi usiku, maola 23, kuvula posamba pokha. Kenako amavala akamagona basi, usiku ndi tulo ta masana, mpaka zaka zinayi kapena zisanu. Ngakhale phazi lodwala ndi limodzi, amavala zonse ziwiri.

Ndinali ndi mayi wina, mwana wake wamwamuna tinamuyamba ali ndi masabata awiri. Zikhakha zisanu ndi chimodzi, sanajombe ngakhale kamodzi, amabwera pa kabaza mvula ikugwa. Tinadula mtsempha, phazi linakongola. Tinamupatsa nsapato. Anabweranso patapita miyezi isanu, nsapato zili m'jumbo, kunsi kwake kuli mbee. Akuti mwana analira usiku uwiri, abambo ake anati mukumuzunza, muvuleni. Chidendene chinali chitayamba kale kukwera. Tinayambiranso zikhakha zitatu, mwana woti tsopano ndi wamphamvu, akumenya mateche.

Kulira kwa masiku awiri atatu oyamba kulipo ndithu, chifukwa anazolowera kuponya mwendo umodziumodzi. Gwirani kachitsuloko, muzimupinda ndi kumuwongola miyendo yonse pamodzi ngati masewera, azolowera. Povala, yambani ndi phazi lovutalo. Muvekeni sokosi ya thonje yopanda makwinya, pindani bondo, kanikizani chidendene chifike pansi penipeni, kenako mangani lamba kapena zingwe zolimba. Nsapato zambiri zili ndi kabowo kumbuyo, suzumirani muone ngati chidendene chakhala pansi. Chikalendewera, chimakhuzika n'kutuluka matuza. Khungu likafiira osabwerera, kapena zala zikayamba kutulukira kutsogolo chifukwa wakula, bwerani nazo tisinthe, osangozisiya pansi pa bedi.

Phazi limenelo lidzakhala locheperako pang'ono, katumba wake wowondako, makamaka ngati ndi mwendo umodzi. Koma adzaponda ndi kunsi kwa phazi, adzavala nsapato za pamsika, adzathamanga. Ndipo kwa inu amene mwana wanu wayamba kale kuyenda akupondera m'mbali mwa phazi, bwerani nayebe, chikhakha chimathandizanso ana okulirapo, kungoti zikhakha zimachuluka ndipo ena amafunika opaleshoni.

Agogo aja, mawa m'mawa mutenge mayi ndi mwana ndi kabuku kake ka kuchipatala. Mumuveke zovala zomasuka kumiyendo, ndipo mayi akakonzeke kumuyamwitsa pamene tikuika chikhakhacho, khanda likamayamwa mwendo umafewa.