Akaunti yamangidwa chifukwa cha pulogalamu yoposita yokha: choyamba imitsani pulogalamuyo

Muli bwanji nonse a malonda, a ku Kamuzu Road, a ku Senga Bay, ngakhalenso inu a ku Nkhotakota amene muli nafe. Uthenga uno utalika pang'ono, choncho khalani pansi mumve bwino. Ndikulankhula kwa inu amene mumagwiritsa ntchito mapulogalamu oti azikupositirani malonda pa Facebook kapena pa Instagram inu muli kunyanja, muli kumunda, kapena muli mtulo. Ambiri mwakumana ndi mawu aja akuti "You're Temporarily Blocked", kapena pa Instagram akuti "Try Again Later", ndiye mukuganiza kuti pali wansanje amene wakunenezani. Kawirikawiri palibe amene wakunenezani. Wakugwetsani m'mavuto ndi pulogalamu yomwe munaipatsa makiyi a nyumba.

Mapulogalamu amenewa amalowa mu akaunti yanu kudzera pa makomo awiri, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa.

Khomo loyamba ndi lovomerezeka. Mukamalumikiza pulogalamu monga Buffer kapena Hootsuite, imakutumizani ku tsamba la Facebook lenilenilo, Facebook n'kukufunsani ngati mukulola kuti pulogalamuyo iziposita pa peji yanu. Pasiwedi yanu pulogalamuyo siyiona. Imangolandira chilolezo chomwe mungachilande tsiku lililonse, ndipo Facebook imadziwa kuti positi iyi yabwera kudzera mwa uje.

Khomo lachiwiri ndi la kuseri. Pulogalamu imakuuzani kuti mulembe nambala ya foni ndi pasiwedi m'bokosi lake lomwe, kapena muike kachida kowonjezera mu Chrome ya pa laputopu, kapena mukope zimene amati cookie, zomwe Chrome imasunga zosonyeza kuti mwalowa kale mu akaunti yanu, n'kuzimata kwa iwo. Mukatero, pulogalamuyo imayenda ngati ndinu. Imadina, imalemba, imatumiza, koma ndi liwiro komanso kachitidwe koti munthu wa manja awiri sangakwanitse.

Chizindikiro chachangu chodziwira khomo ndi ichi. Mu Epulo 2024 kampani ya Meta, eni ake a Facebook, inatseka njira yomwe mapulogalamu a anthu ena ankapositira mwachindunji m'magulu a Facebook. Ndiye lero pulogalamu ikakulonjezani kuti idzaponya malonda anu m'magulu makumi asanu inu osagwira foni, dziwani kuti ikudutsa kuseri. Ngakhale ikhale yolipira, ngakhale ioneke yokongola bwanji, ndi ya kuseri basi.

Tiyeni titenge chitsanzo, tiyende nacho pang'onopang'ono. Tinene kuti mayi wina amagula usipa wouma ku Senga Bay n'kumatumiza kwa oodetsa a ku Lilongwe. Walemba positi imodzi: chithunzi cha usipa uli pa thandala, mtengo wa ndowa, ndi linki ya WhatsApp. Wauza pulogalamu kuti positi imeneyi izilowa m'magulu 40 tsiku lililonse kuyambira 6 koloko m'mawa, gulu lililonse pakatha masekondi 30. Mwa kuwerengera, ntchito yonse ikutha m'mphindi 20. Kwa mayiyu ndi chisangalalo. Koma taonani zimene makina a Facebook akuona mbali inayo.

Akuona mawu amodzimodzi, chithunzi chimodzimodzi, linki imodzimodzi, zalowa ka 40. Akuona kuti mpata wake ndi masekondi 30 ndendende, osapitirira, osachepera, pomwe munthu weniweni amachedwa apa, netiweki imamuvuta apo, mwina amayankha kaye foni. Akuonanso kuti akauntiyi siwerenga za ena, siyankha ndemanga, ingoponya n'kutuluka. Ndipo ngati pulogalamuyo ikuyendera pa kompyuta za kampani yake kunja kwa dziko, akuona akaunti yomwe masiku onse imatsegulidwa pa foni imodzi kuno ku Malawi italowedwa kuchokera ku dziko lina, nthawi yomweyo mwini wake akucheza pa foni ali ku Salima. Chimenechi ndicho chimabweretsa mawu oti pa akaunti pachitika zachilendo, n'kukuuzani kuti mutsimikize kuti ndinu. Kwa makinawo, zikufanana ndi akaunti yobedwa.

Pali chinanso chomwe ambiri sachiganizira. Ma adimini a magulu aja akatopa ndi positi yobwerezabwereza amaikana, kapena amainena kuti ndi zinyalala. Iliyonse yokanidwa imawonjezera thope pa dzina la akauntiyo. Linki nayonso imatha kudetsedwa payokha, moti ngakhale mutaiposita pamanja imakanidwabe.

Kuno kwathu tilinso ndi nkhani ya magetsi. Kachida kowonjezera mu Chrome kamagwira ntchito laputopu ikakhala yoyaka ndipo intaneti ilipo. Magetsi akazima kapena bandulo ikatha pakati pa ntchito, mapulogalamu ena amasunga zonse zomwe zinatsala, ndipo mukangoyatsanso amazikhuthula nthawi imodzi. Mapositi omwe anayenera kumwazikana tsiku lonse amatuluka m'mphindi zochepa, ndiye mpamene mumaona mawu oti mukuthamanga kwambiri, aja akuti "going too fast". Onaninso nthawi yomwe pulogalamu ikutsatira. Sankhani Africa/Blantyre, apo ayi malonda anu a m'mawa azituluka pakati pa usiku.

Tsopano akaunti yamangidwa kale. Muchite chiyani? Tsatirani ndondomeko yake, chifukwa mukayamba ndi chakumapeto mungodzivutitsa.

Choyamba, imitsani pulogalamuyo musanakhudze china chilichonse. Lowani mmene muli mndandanda wa zodikira kutuluka, muimitse kapena mufufute zonse. Ngati ndi kachida ka mu Chrome, lembani izi pamwamba pomwe mumalemba adiresi ya tsamba:

```
chrome://extensions
```

Mukakapeza, dinani Remove. Chifukwa chake n'chakuti pulogalamu sidziwa kuti mwamangidwa. Imapitiriza kugogoda, ndipo kuyesa mobwereza chinthu chomwe mwaletsedwa kumatha kutalikitsa chilangocho. Inunso musamayese pamanja ola lililonse kuti muone ngati zatseguka. Chiletso chotere chimatha chokha, nthawi zina pa maola angapo, nthawi zina pa masiku angapo, ndipo ngati tsiku lotsegulira lalembedwa, dikirani lifike.

Mukatero, tengani foni yomwe mumagwiritsa ntchito masiku onse, pa netiweki yanu ya masiku onse. Osabwereka ya mnansi, osayatsa VPN, chifukwa foni yachilendo pa nthawi ngati imeneyi imangowonjezera chikaiko. Pitani ku Settings, kenako Accounts Center, kenako Password and security, mupeze Where you're logged in. Pamenepo pali mndandanda wa zida zonse zomwe zalowa mu akaunti yanu. Chenjezo laling'ono apa: foni yanu yomwe ikhoza kulembedwa kuti ili ku Lilongwe kapena ku Blantyre pomwe inu muli ku Salima, chifukwa malowo amangoyerekeza potengera njira ya intaneti. Zimenezo zisakuopseni. Yang'anani mtundu wa chida. Mukaona kompyuta yomwe simuidziwa, kapena dziko lomwe simunapondeko, itulutseni.

Kenako sinthani pasiwedi. Apa musanyengerere, chifukwa ngati munailemba m'bokosi la pulogalamu ija, eni ake ali nayo. Ngati pasiwedi yomweyo mumaigwiritsanso ntchito pa imelo, sinthaninso kumeneko. Pomwepo yatsani Two-factor authentication, chitetezo chofuna nambala yachinsinsi yobwera pa meseji kuwonjezera pa pasiwedi, koma onetsetsani kuti nambala ya foni yomwe ilipoyo ndi ya simu khadi yomwe ili m'manja mwanu lero, osati ija munataya chaka chatha. Anthu ambiri amadzitsekera kunja okha pamenepa. Dziwaninso kuti mukasintha pasiwedi, ngakhale mapulogalamu ovomerezeka aja amaduka, ndipo amakupemphani kuti mulumikizenso. Zimenezo si vuto, ndi mmene zimayendera.

Mu Settings momwemo muli malo awiri, Apps and websites ndi Business integrations. Tsegulani onse awiri, muchotse chilichonse chomwe simukuchikumbukira kapena munasiya kugwiritsa ntchito. Amene muli pa Facebook Lite, mayina ena akhoza kukhala pa malo osiyana pang'ono, ndiye mukasowa tsegulani akauntiyo mu Chrome ya pa foni.

Pomaliza pa mbali imeneyi, onani Account Status. Imakuuzani chomwe mwaletsedwa ndi positi yomwe yabweretsa mlandu. Ngati pali batani lopempha kuti aunikenso, ndipo mukukhulupirira kuti alakwitsa, pemphani kamodzi, momveka bwino, n'kudikira. Ndipo chonde amayi ndi abambo, wina akakulemberani kuti amatsegula ma akaunti, mumutumizire ndalama pa foni ndi nambala yachinsinsi yomwe yabwera pa meseji, musamuyankhe. Nambala imeneyo mukaipereka, akauntiyo yapita yonse, pamodzi ndi peji ndi makasitomala anu. Musathamangirenso kutsegula akaunti yatsopano n'kuyamba kuponya positi yomwe ija. Akaunti yakhanda yoyamba ndi linki m'magulu ambiri imagwidwa msanga kuposa yakale.

Nanga mayi wathu wa usipa apitirize bwanji malonda akamasulidwa? Masiku oyamba aposite pamanja, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, ayankhe ndemanga, akauntiyo iyambenso kuoneka ya munthu. Za kukonzeratu nthawi, agwiritse ntchito Meta Business Suite, yomwe ndi ya eni ake a Facebook ndipo ndi yaulere. Imagwira pa peji ndi pa Instagram ya bizinesi. Amalemba positi, m'malo modina Publish amasankha Schedule, n'kuika tsiku ndi ola. Ubwino wake waukulu kuno kwathu n'kuti positiyo imasungidwa kwa Facebook konko, ndiye imatuluka ngakhale foni itazima kapena bandulo itatha. Lamlungu madzulo netiweki ikakhala bwino, atha kukonza za sabata yonse.

Za magulu, pamenepo palibe chidule. Pa magulu 40 aja asankhe asanu kapena asanu ndi limodzi momwe oodetsa ake amapezekadi, awerenge malamulo a gulu lililonse, ndipo aziposita yekha, motalikitsa nthawi. Manambala amenewa ndi malangizo anga chabe, chifukwa Facebook siulula malire enieni, ndipo aliyense wokuuzani kuti mpaka 20 pa tsiku palibe vuto akungoganiza. Positi iliyonse ikhale ya tsiku limenelo: chithunzi cha usipa womwe wauma lero, mtengo wa lero, ndowa zomwe zatsala, minibasi yomwe katundu akwere. Kusintha liwu limodzi pa positi yakale sikuthandiza, chifukwa chithunzi ndi linki zikadali zomwezo.

Ndipo asalumikize mapulogalamu awiri pa peji imodzi kuti onse aziposita zofanana. Zimachitika kuti mwana wa pakhomo analumikiza ina kale, mayi n'kulumikizanso ina, positi iliyonse n'kumatuluka kawiri pa mphindi imodzi. Mukaona zobwereza chotero pa peji yanu, bwererani ku Business integrations kuja, muone amene ali ndi chilolezo, musiyepo mmodzi yekha.