Mawu a m'mawa: Paulo anasankha chilankhulo ali pa makwerero

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero tiwerenge Machitidwe 21:37 mpaka 22:2.

Paulo wagwidwa ku Yerusalemu, khamu likufuna kumupha, asilikali akumukweza pa makwerero kulowa naye kumalo awo. Polankhula ndi mkulu wa asilikali analankhula Chigiriki, mpaka mkuluyo anadabwa. Atapatsidwa mpata wolankhula kwa anthu a mtundu wake, anasintha n'kuyamba Chihebri, kuwatchula kuti abale ndi atate. Baibulo likuti atamva chilankhulo chawo, anthu aja anakhala chete koposa. Munthu yemweyo, nthawi yomweyo, zilankhulo ziwiri, ndipo chilichonse anachiyika pamene chinkamveka.

Ambirife m'mawa uno tilembera uthenga mwana wa achemwali, mdzukulu kapena mng'ono wathu. Tisakaniza Chichewa ndi Chingerezi, ndipo palibe tchimo pamenepo. "Ndakutumizira ya bandulo, ukatchaja foni undifulashe." "Fizi ya temu ino yatsala zingati?" "Intaviyu ija inayenda bwanji?" Mawu amenewa sakhumudwitsa khutu chifukwa zinthuzo zinatipeza zili kale ndi mayina amenewo, kusukulu, kuntchito ndi pafoni. Onaninso kuti chiganizo chonse chikuyenda Chichewa. Liwu lachilendolo lavala zathu: undi-fulashe, uka-tchaja. Mukati mufufuze Chichewa chakuya cha bandulo, mwanayo adabwa kuti amalume akuti chiyani.

Kuuma kumayamba pamene nkhani yafika pamtima ife n'kuthawira ku Chingerezi chiganizo chonse. Taganizani za mtsikana wa Fomu 4 amene zotsatira za mayeso zatuluka, sizinayende. Usiku sanagone. Azakhali ake akufuna kumulimbikitsa, koma chifukwa nkhaniyo ndi yolemera, alemba ndime yaitali ya Chingerezi chosalala, chonga cha kalata ya ku ofesi: kuti amva ndi chisoni, kuti akhulupirira achita bwino mtsogolo. Zonse ndi zoona, mtima wawonso ndi wabwino. Koma mwanayo amva mawu a ahedi, chifukwa Chingerezi chotere amachimva pa asembule ndi pa lipoti la kusukulu. Ndipo ngati phunziro limene lamugwetsa ndi Chingerezi chomwecho, chimene popanda kuchikhoza satifiketi ya Fomu 4 situluka, uthengawo ungomutosa pabala. Ayankha liwu limodzi lothokoza, basi, osalembanso. Kuyankha kwafupi kotero kwa mwana amene masiku onse amacheza nanu momasuka ndicho chizindikiro chakuti mawu anu afika ozizira.

Azakhali omwewo akanati: "Mwanawe, ndamva. Usadzitsekere m'chipinda, idya kaye. Za kuripita tikambirana Loweruka, fizi usade nayo nkhawa. Ndine ndemwe, sindinakutaye." Kuripita ndi fizi zilimo ndithu, koma pamene pakufunika kumugwira dzanja, alankhula monga amalankhulira naye pakhonde. Chimodzimodzi pa maliro, pa kupepesa, pa kudzudzula ndi pa kudalitsa. Kudzudzula m'Chingerezi makamaka kumamveka ngati chenjezo la abwana, mwana n'kuyamba kudziteteza m'malo momva.

Palinso kuuma kwa mtundu wina, ndipo kumandimvetsa chisoni chifukwa kumachokera m'chikondi. Munthu wamkulu atola chinenero cha achinyamata, "bho mani", "shapu", pofuna kuti mdzukulu amuyandikire. Ngati simulankhula choncho pamaso, mwana amadziwa msanga kuti si inu. Anzake a "bho" ali nawo ambiri, koma agogo ali ndi inu nokha, ndipo akufuna kumva mawu a agogo.

Mwana wokulira ku Joni kapena ku Mangalande nkhani yake imatembenuka. Kwa iye Chichewa chakuya ndi miyambi yotsatizana ndi zimene zingamutsekere khomo. Mulembereni zimene amve, koma moni, dzina la ubale ndi dalitso zisiyeni m'Chichewa, kuti adziwe kuti ali ndi kwawo.

Musanatumize, werengani uthengawo mokweza, mwanayo mukumuona m'maganizo atakhala patsogolo panu. Pamene lilime lakana, kapena pamene mwamva kuti simungamuuze choncho pamaso, fufutani mulembenso. Paulo analemba pa 1 Akorinto 14:19 kuti mumpingo angakonde kunena mawu asanu omveka kusiyana ndi zikwi khumi m'malilime, kuti ena aphunzirepo. Ankanena za mapemphero, koma mtima wake ndi womwewu, woganizira wakumva.

Tipemphere. Atate, pali ana m'mabanja athu amene adzuka ndi katundu mumtima, ena alephera mayeso, ena akusowa ntchito, ena ali kutali. Tikumbutseni mayina awo m'mawa uno, ndipo mutipatse mawu amene iwo amve kuti ndife tikulankhula. M'dzina la Yesu, Ameni.